Mphindi zitatu zoyamba pa vaiva

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

WOULUTSA: Lero tikucheza makamaka ndi inu amene mwamaliza kulemba thesisi, buku lija la kafukufuku wa digiri yachiwiri kapena yachitatu, ndipo mukudikira tsiku la vaiva, lokaonekera pamaso pa oyesa. Kaya muli ku Bunda, ku Zomba, ku Mzuzu, kaya mukuphunzira ku Joni kapena ku Mangalande, nkhaniyi ndi yanu. Tsikulo wapampando akamaliza malonje, nthawi zambiri amatembenukira kwa inu n'kunena kuti, tatifotokozerani mwachidule zimene mwachita. Mukayankha chiyani? Mu situdiyo muno ndili ndi mayi amene amaphunzitsa ku yunivesite, ndipo akhala akuyesa nawo ophunzira pa vaiva. Takulandirani, Adokotala.

MPHUNZITSI: Zikomo bambo. Moni omvera nonse.

WOULUTSA: Ndiyambe ndi dandaulo la ophunzira. Munthu wavutika zaka ziwiri, wina zinayi, buku lake ndi la masamba oposa 100, ndiye mukumuuza kuti alinene m'mphindi zitatu. Si nkhanza zimenezi?

MPHUNZITSI: Zikanakhala nkhanza tikanakhala kuti bukulo sitinaliwerenge. Koma tinaliwerenga. Woyesa wochokera kunja kwa yunivesite ndi mnzake wa pomwepo amalandira thesisi masabata angapo tsikulo lisanafike, aliyense amalemba lipoti lake, ndipo amalowa m'chipindamo mafunso ali kale papepala. Ndiye tikati fotokozani mwachidule, sitikufuna kuti mutiwerengerenso buku. Tikufuna timve ngati mwini wake akudziwa chimene anapeza. Alipo ophunzira amene amadziwa bwino zonse zimene anachita, anapita kuti, anafunsa anthu angati, koma ukawafunsa kuti nanga mwapezano chiyani, amayamba kutembenuza masamba.

Koma ndichenjeze kaye. Mayunivesite amasiyana. Ena amapereka mphindi 15 kapena 20 ndi masilaidi, ena amangofunsa pakamwa popanda chowonetsa chilichonse. Funsani supavaiza wanu, komanso werengani malamulo a sukulu yanu. Ngakhale mutapatsidwa nthawi yaitali, chidule cha mphindi zitatu chikonzenibe, chifukwa ndicho mudzatsegulire, ndipo magetsi akathima kapena pulojekita ikakana, ndicho chidzatsale m'manja mwanu.

WOULUTSA: Mphindi zitatu ndi mawu angati?

MPHUNZITSI: Vaiva kuno kwathu imachitika m'Chingerezi. Munthu wolankhula modekha, kuti anthu amve, amanena mawu a Chingerezi pafupifupi 130 pa mphindi imodzi. Mphindi zitatu ndiye kuti mawu pafupifupi 400, osafika ndi tsamba limodzi lodzadza. Ine ndimawauza ophunzira kuti alembe 350 basi, chifukwa tsikulo pamakhala kupuma, kumeza malovu, ndi kuyang'ana nkhope za anthu. Ndipo 350 imeneyo musaigawe mofanana pa mitu yonse ya buku. Apa ndi pamene ambiri amagwera.

WOULUTSA: Amagwa bwanji?

MPHUNZITSI: Bola ndipereke chitsanzo. Tiyerekeze wophunzira wa zaulimi amene wafufuza za kasungidwe ka chimanga m'matumba a PICS. Ndinene mobwereza kuti wophunzirayu ndi kafukufuku wake ndi zongoyerekeza, koma matumbawo alipo, alimi ambiri akuwadziwa. Anachokera ku Yunivesite ya Purdue ku America. Thumbalo limakhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Mukamanga bwino, mpweya sulowa, anankafumbwe amene ali m'chimangamo amamaliza mpweya wotsalawo, kenako amasiya kudya ndi kuswana, n'kufa, popanda kuthira mankhwala.

Tsono wophunzira wathu amaimirira n'kuyamba chonchi: ndithokoze wapampando, ndithokoze oyesa, ndithokoze supavaiza wanga. Mutu wa kafukufuku wanga ndi wakuti, n'kuuwerenga wonse, mizere itatu. Chimanga ndi chakudya chodalirika m'Malawi muno. Mutu woyamba ukufotokoza chiyambi cha vuto. Mutu wachiwiri ukufotokoza zimene ena analemba kale. Akamafika pa mutu wachinayi, pamene pali zimene anapeza, wapampando wayang'ana kale wotchi kawiri. Mphindi zatha, ndipo chinthu chokhacho chimene chili chake m'buku lonselo sanachitchule.

WOULUTSA: Koma kuthokozako ndi ulemu, Adokotala. Ife tinaleredwa choncho.

MPHUNZITSI: Ulemu ndi wofunika, koma mawu oti zikomo wapampando akwanira. Kuthokoza kwina kuli kale m'buku. Chimodzimodzi mutu wa kafukufuku, wapampando amakhala atauwerenga kale potsegula. Ndipo kuuza akatswiri a zaulimi kuti Amalawi amadya nsima, ndi masekondi 15 otayika.

WOULUTSA: Ndiye masekondi 180 amenewo tiwagawe motani?

MPHUNZITSI: Yambani kulemba kuchokera pa zimene munapeza, osati pa chiyambi. Khalani pansi, tsekani buku, lembani chiganizo chimodzi choyamba ndi mawu oti ndapeza kuti. Chikakanika kutuluka, dziwani kuti simunakonzeke, ndipo vuto si la kalankhulidwe ayi. Bwererani ku mutu wa zotsatira mukachifune. Chikatuluka, chimenecho ndi maumboni ake chipatseni mphindi yathunthu, gawo lalikulu kuposa onse. Njira imene munatsata ipatseni masekondi ngati 40. Vuto ndi funso lanu pamodzi zisapitirire masekondi 45. Otsalawo, ngati 35, ndi onena chatsopano chimene mwabweretsa komanso pamene kafukufuku wanu walekezera. Mutu wa zimene ena analemba kale, ngakhale uli wa masamba 30, muno umasanduka chiganizo chimodzi: anzathu anadziwa kale chakuti, koma chakuti sanachifufuze.

WOULUTSA: Timveko tsono wophunzira uja atakonza. Ndagwira foni, ndikuyesani nthawi.

MPHUNZITSI: Chabwino. Ndinena m'Chichewa kuti tonse timve. Pamene payenera nambala ya zotsatira ndizinena kuti akutiakuti, kuopa kuti mlimi wina amene akutimva angatenge nambala yopeka ngati yoona. Wophunzira weniweni pamenepo amaika nambala yake.

Zikomo wapampando. Mabanja ambiri amakolola chimanga chokwanira, koma pofika miyezi ya njala china chimakhala chitafumbwa. Akatswiri anaonetsa kale kuti matumba a PICS amateteza chimanga akamayang'aniridwa bwino pa malo a kafukufuku. Funso langa linali lakuti, kodi chitetezo chimenechi chimapitirirabe thumba likakhala m'nyumba ya mlimi, momwe muli makoswe, komanso likagwiritsidwa ntchito chaka chachiwiri?

Ndinatsatira mabanja 112 m'midzi inayi ya boma limodzi, kwa miyezi isanu ndi umodzi chikolorereni. Ena ankasunga m'matumba a PICS, ena m'masaka wamba othira mankhwala. Ndinatapa chimanga kawiri kokha, pomanga thumba ndi pamapeto, kuti ine ndemwe ndisamalowetse mpweya. Ndinayeza chinyezi, ndinawerenga maso ofumbwa, ndipo pamapeto ndinayang'ana pulasitiki iliyonse ngati yabooka.

Ndapeza kuti chimene chikusiyanitsa si kukhala ndi thumba la PICS chabe, koma ngati pulasitiki yake ili yosabooka. M'matumba osabooka, maso ofumbwa anali akutiakuti pa 100 aliwonse. M'matumba obooka anali akutiakuti, pafupifupi chimodzimodzi ndi m'masaka wamba. Matumba obookawo ambiri anali a chaka chachiwiri, komanso oikidwa pansi penipeni m'malo mwa pa thandala. Chachiwiri, chimanga chimene chinamangidwa chisanaume bwino chinachita chuku, ngakhale thumba linali losabooka.

Chatsopano m'kafukufukuyu ndi umboni wochokera m'nyumba za alimi, wosonyeza kuti uphungu usamathere pogula thumba, uzifikanso pa kuliyang'ana lisanagwiritsidwenso ntchito. Malire ake ndi awa: ndi boma limodzi, chaka chimodzi, ndipo mabanja anasankha okha njira yosungira. Choncho ndikunena zimene ndinaona zikuyendera limodzi, sindikunena kuti ndatsimikiza chochititsa. Zikomo.

WOULUTSA: Mwatsala ndi masekondi ochepa. Koma Adokotala, kumapetoko mwandidabwitsa. Munthu n'kudziulula yekha zofooka zake pamaso pa omuyesa? Si kuwapatsa chikwapu kumeneko?

MPHUNZITSI: Chikwapucho ali nacho kale. Woyesa aliyense wodziwa ntchito anaona pa mutu wachitatu kuti mabanjawo sanasankhidwe mwamaere. Funso lake lili papepala: mukudziwa bwanji kuti ndi thumba, osati kuti banja logula thumba lodulirapo ndi lomwenso lili ndi nyumba ya simenti yopanda makoswe? Wophunzira akatchula yekha malire amenewa, woyesa amadziwa kuti akulankhula ndi munthu womvetsa ntchito yake, ndipo funso limasintha. Limakhala lakuti, mukanachita bwanji kuti muthetse zimenezi, ndipo amayamba kukambirana. Koma akabisa, kapena akanena kuti ndatsimikiza kuti matumbawa amathetsa vutoli m'Malawi, theka la ola lotsatira alithera pobweza mawu ake.

Zili ngati pabwalo kwa amfumu. Ukapatsidwa mwayi woyamba kulankhula, nduna zimakufunsa kuchokera pa mawu ako omwe. Chiganizo chilichonse chimene mwaika m'chidule chanu n'kuitana funso. Mumvetsere zimene ndinanena zija, kuti ndinatapa chimanga kawiri kokha kuti ndisamalowetse mpweya. Mawu amenewo ndawaika dala. Akuyankhiratu funso lakuti bwanji simunayeze mwezi uliwonse, komanso akukokera oyesa ku mbali imene wophunzira ali ndi yankho lolimba. Tsono mukamaliza kulemba, tengani cholembera, pa chiganizo chilichonse dzifunseni kuti, atandifunsa apa kuti chifukwa chiyani, ndingayankhe kwa mphindi ziwiri? Nanga zili pa tsamba liti? Chiganizo chimene simungachiteteze chisinthe kapena chichoke. Izi zimachitika kawirikawiri ndi mayina a njira zowerengetsera. Wophunzira amatchula dzina lalikulu la njira imene mnzake anamuthandiza pa kompyuta, kuti amveke wozama. Woyesa amangoti, tafotokozani, njirayi imafuna kuti manambala anu akhale otani? Chete.

WOULUTSA: Koma malirewo osawachulutsanso, eti?

MPHUNZITSI: Eya. Ena amapitirira muyezo, n'kuyamba kupepesa: ndalama zinali zochepa, nthawi inathina, mvula inavuta. Zimenezo ndi zifukwa, si malire. Malire ndi kunena kuti zimene ndapeza zikugwira ntchito mpaka apa. Ziwiri kapena zitatu zazikulu, m'chiganizo chimodzi, mwatha.

WOULUTSA: Ndamva mwati mabanja 112. Bwanji osangoti 120, nambala yosavuta kukumbukira?

MPHUNZITSI: Mwagwira pamene oyesa amagwira. Tinene kuti wophunzira uja anayamba ndi mabanja 120, koma asanu ndi atatu anagulitsa kapena kudya chimanga chawo miyezi ija isanakwane. Mutu wachitatu ukunena 120, matebulo a zotsatira akunena 112. Iye akaimirira n'kuti 120, woyesa atsegula tebulo, ndipo funso loyamba la vaiva likhala lakuti mabanja asanu ndi atatu apita kuti. Si funso loopsa, yankho lilipo, koma mwayamba tsiku lanu ndi kukonza cholakwa. Nambala iliyonse yotuluka pakamwa panu ifanane ndi ya m'buku limene oyesa ali nalo m'manja, osati la pa kompyuta yanu limene mwakhala mukulikonza mutapereka kale. Ndipo manambala akhale ochepa. Khutu silisunga manambala ngati diso. Atatu kapena anayi akwanira.

Chinanso chofanana nacho ndi zolinga. Ngati buku likunena zolinga zitatu, chidule chisamveke ngati munali ndi ziwiri. Simukuyenera kuziwerenga chimodzichimodzi, koma chilichonse chikhale ndi yankho lake penapake, ngakhale la theka la chiganizo. Cholinga chimene sichinatulutse kanthu muchinenebe. Kusapeza kusiyana pakati pa zinthu ziwiri ndi chotsatiranso.

WOULUTSA: Nanga munthu atapeza cholakwika m'buku atapereka kale, achitchule m'mphindi zitatuzi?

MPHUNZITSI: Ngati ndi zilembo zophonyeka kapena nambala ya tebulo yosokonekera, ayi. Alembe mndandanda papepala, apite nawo, adzaupereka nthawi yake ikakwana. Paja ambiri amakhoza vaiva atapatsidwa zoti akakonze, si zachilendo. Koma ngati cholakwikacho chikusintha zimene anapeza, akambirane ndi supavaiza tsikulo lisanafike. Zotero si zodzidzimutsa nazo anthu m'chipinda.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za chidule cha mphindi zitatu chotsegulira vaiva. Adokotala, ophunzira ena amati nkhaniyi ndi yosavuta, angoloweza chidule chija chimakhala kumayambiriro kwa buku.

MPHUNZITSI: Abusitirakiti. Ayi, imene ija inalembedwera maso. Ziganizo zake ndi zazitali, zodzadza, ndipo wowerenga akasokonezeka amabwerera m'mbuyo. Womvera sangabwerere. Komanso abusitirakiti imabisa mwini wake, imati kafukufuku anachitika, mabanja anafunsidwa. Pa vaiva nenani kuti ndinachita, ndinasankha, ndapeza, chifukwa china chimene oyesa akufuna kutsimikiza n'chakuti ntchitoyi ndi yanudi. Ngati munagwira ntchito m'pulojekiti ya anthu ambiri, apa ndi pofunika kwambiri: nenani momveka gawo limene linali lanu.

WOULUTSA: Ena amaonera mavidiyo a mpikisano uja wa 3MT kuti atengereko luso.

MPHUNZITSI: Mpikisano umenewo unayambira ku Yunivesite ya Queensland ku Australia mu 2008, ndipo unafalikira ku mayunivesite ambiri. Wopikisana amapatsidwa mphindi zitatu ndi silaidi imodzi yosasintha. Mungaphunzireko kusunga nthawi ndi kulankhula momveka. Koma omvera ake ndi anthu amene si akatswiri a phunzirolo, n'chifukwa chake opikisana amayamba ndi kankhani kokopa, ndipo za njira ya kafukufuku amangodutsapo. Pa vaiva mukulankhula ndi akatswiri amene awerenga buku lanu, ndipo njira ndi imene abwerera. Mukayamba ndi nthano ya agogo anu ndi nkhokwe yawo, adzamwetulira, kenako adzafunsa mmene munasankhira midzi inayi ija.

WOULUTSA: Tsono talemba, tayang'ana manambala. Kuyeserera kwake kukhale kotani? Tiloweze?

MPHUNZITSI: Lowezani chiganizo choyamba ndi chomaliza. Choyamba chifukwa mantha amakhala pachimake poyambira, chomaliza kuti mudziwe poimira, musamangoti ndiye basi, ndi zomwezo, mawu akuzilala. Zapakatizo dziwani ndondomeko yake, osati liwu ndi liwu. Woloweza zonse timamuzindikira msanga. Amathamanga, maso ali kudenga, ndipo wina akangotsokomola kapena kumudula, amabwerera poyambira. Masiku ano woyesa wakunja nthawi zina amalowa kudzera pa intaneti, netiweki imaduka, n'kukupemphani kuti mubwereze pamene munati mwapeza chiyani. Woloweza pamenepo wasowa pogwira.

Yeserani mokweza mawu, osati mumtima, chifukwa mumtima aliyense amamaliza pa nthawi yake. Jambulani mawu anu pa foni. Mukapitirira mphindi zitatu, musawonjezere liwiro, chotsani mawu, ndipo muyambe kuchotsa kumayambiriro, osati ku zotsatira. Kenako pezani munthu wa phunziro lina, mumuuze kamodzi kokha, mumufunse kuti ndapeza chiyani. Akayankha kuti mumafufuza za matumba a chimanga, ndiye kuti wamva mutu wokha, chidule chalephera. Akayankha kuti thumba limathandiza pokhapokha ngati silinabooke, chagwira. Pomaliza mukanene kwa supavaiza, ndipo muwapemphe kuti akuduleni pakati dala.

WOULUTSA: Kapepala n'kololedwa?

MPHUNZITSI: Malo ambiri amalola kulowa ndi buku lanu, koma funsani. Ngati n'kololedwa, kapepala kakhale ndi mawu ochepa okukumbutsani ndondomeko, ndi manambala aja pamodzi ndi masamba ake. Chokhacho, osawerenga. Ndipo mukafika pa zikomo womaliza, khalani chete. Chipinda chimakhala zii kwa kanthawi pamene oyesa akuyang'ana mapepala awo, ndipo ophunzira ambiri amaopa bata limenelo n'kuyambanso kulankhula. Zimene amawonjezera pamenepo ndi zosakonzekera, ndipo n'zimene funso lovuta limatulukiramo.

WOULUTSA: Adokotala, nthawi yatithera. Zikomo kwambiri chifukwa chobwera.

MPHUNZITSI: Zikomo bambo.

WOULUTSA: Inu amene vaiva yayandikira, usiku uno tsekani bukulo, tengani pepala, mulembe chiganizo chimodzi choyamba ndi mawu oti ndapeza kuti. Mawa mukachionetse kwa supavaiza wanu. Tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)